Faelo ya Chitetezo Ikakanika Kudziikira Umboni

Woyendera akafika pamalo omanga nyumba yosanja, amayamba wakhala pansi mu ofesi ya kontalakitala n'kutsegula faelo ya chitetezo. Tsamba limene limaulula zambiri ndi kaundula wa sikafodi, nsanja ija amakwerapo amisiri. Ku Britain, lamulo la 2005 limati nsanja yotere iziyenderedwa masiku 7 aliwonse, ndiponso ikasinthidwa kapena ikawombedwa ndi chimphepo.

Tiyerekeze kuti siginecha yomaliza ndi ya masiku 19 apitawo, chonsecho anthu ali pamwamba. Woyendera salemba kuti “kaundula sali bwino”, chifukwa mawu otere sakonza kanthu. Amalemba nambala ya tsamba ndi tsiku, n'kujambula tsambalo. Kenako amatuluka kukaona nsanjayo, ndipo akapeza thabwa long'aluka kapena chitsulo chotchinga m'mphepete chitachotsedwa, amajambulanso.

Apa palibe zodikira: ntchito yapamwamba imaima mpaka munthu wodziwa atayendera nsanjayo. Zolakwika zing'onozing'ono, monga chikalata cha maphunziro chimene sichinaikidwe m'faelo, zingapatsidwe sabata, ndi dzina la wokonza pambali pake.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi masiginecha a milungu ingapo olembedwa ndi cholembera chimodzi, mooneka kuti anadzazidwa tsiku limodzi. Pamenepo woyendera amafunsa amisiri okha kuti anaona liti munthu akuyendera nsanjayo.