Gemu ikamadodoma itayenda nthawi yaitali

Anthu amene amayang'anira maseva a Minecraft amalidziwa vutoli. Seva ikangoyatsidwa zonse zimayenda bwino. Pakapita masiku awiri kapena atatu osazimitsa, osewera amayamba kudandaula: munthu wathyola mwala, mwalawo wabwereranso pamalo pake, zilombo zaima nji kwa kanthawi kenako zalumphira kutsogolo. Akaizimitsa n'kuiyatsanso, vuto lija latha, mpaka mkuja. Ambiri amathamangira kunena netiweki, ena amakagula memoli yowonjezera. Koma vuto lomwe limakula pang'onopang'ono n'kumatha seva ikayatsidwanso kawirikawiri limakhala m'kati mwa pulogalamu momwemo, ndipo pali njira yolisakira.

Minecraft, gemu yomwe Markus Persson wa ku Sweden anaiyamba mu 2009, inalembedwa m'chinenero cha kompyuta chotchedwa Java, ndipo mtundu wa Java Edition udakali m'chinenero chomwecho. Seva yake imawerengera zochitika zonse za m'dziko la gemu ka 20 pa sekondi imodzi. Ulendo uliwonse, womwe osewera amautcha tiki, uli ndi mamilisekondi 50 okha oti nyama ziyende, madzi asefukire, mbewu zikule. Chilichonse chomwe chingaimitse seva kwa mamilisekondi 300 chadya matiki asanu ndi limodzi, ndipo wosewera amazimva m'manja. Seva ikatsalira kwambiri imalemba yokha uthenga woyamba ndi mawu akuti `Can't keep up!`

Nanga chimaiimitsa n'chiyani? Pa tiki iliyonse pulogalamu imapanga tinthu tambirimbiri m'memoli, monga manambala osonyeza pamene nkhuku yaima kapena uthenga wopita kwa wosewera. Tambiri timagwira ntchito kamphindi n'kutha. Mu Java wolemba pulogalamu satichotsa yekha. Pali wotolera zinyalala, yemwe m'malipoti a Java amalembedwa kuti `GC`, nzeru yomwe John McCarthy anaiyambitsa cha mu 1959 pokonza chinenero cha Lisp. Wotolerayu amayambira pa zinthu zomwe pulogalamu ikugwiritsa ntchito, n'kumalondola chilichonse chomwe zikuloza, ndi chomwe chinacho chikuloza, mpaka mapeto. Chomwe sanachifikire ndi chinyalala, malo ake amamasulidwa. Mbali zina za ntchitoyi sangazichite gemu ikuyenda, choncho amaiimitsa kaye. Wotolera yemwe Java imasankha yokha pa makompyuta ambiri kuyambira pa Java 9, wotchedwa G1, amayesetsa kuti kuimako kusapitirire mamilisekondi 200. Ndi cholinga chabe chimenecho osati lonjezo, komanso 200 ndi matiki anayi kale.

Tisanamuimbe mlandu wotolera zinyalala tiyenera kupeza umboni, chifukwa zododometsa gemu n'zambiri. Minecraft imasunga dziko pa disiki mphindi zisanu zilizonse, ndiye kudodoma komwe kukubwera motsatira wotchi chonchi kumaloza ku disiki. Komwe kumabwera munthu akamathamangira kumalo omwe sanafikeko aliyense ndi ntchito yopanga dziko latsopano. Kuti tione za wotolera, timayatsa seva motere:

```
java -Xms4G -Xmx4G -Xlog:gc:file=gc.log -jar server.jar nogui
```

`-Xmx4G` ikuuza Java kuti malire a memoli yake ndi magigabayiti 4, ndipo `-Xlog:gc` ikuti ulendo uliwonse wotolera ulembedwe m'fayilo. Mzere umodzi wa m'fayiloyo umaoneka chonchi (manambalawa ndi ongoyerekezera):

```
[3605.112s][info][gc] GC(412) Pause Young (Normal) (G1 Evacuation Pause) 2310M->905M(4096M) 38.512ms
```

Nambala yoyamba ndi masekondi omwe apita chiyatsire seva, apa ola limodzi. `2310M->905M` ikutanthauza kuti memoli yodzaza inali mamegabayiti 2310 ndipo atatolera yatsala 905. Yomaliza ndi nthawi yomwe gemu inaima. Tsopano funsani osewera azilemba nthawi yomwe gemu yadodoma, muyerekeze ndi fayiloyi. Ngati pa nthawi zimenezo pali kuima kwa mamilisekondi mazana angapo, mwapeza poyambira. Ngati palibe, msiyeni wotolerayo, mukafufuze kwina.

Mukajambula memoli yodzaza pa galafu, mzere wake umaoneka ngati mano a macheka: ukukwera pang'onopang'ono, kugwa mwadzidzidzi, kukweranso. Wosewera pa kompyuta yake angaone zomwezi posindikiza F3, pomwe nambala ya `Mem` imakwera n'kugwa. Anthu ambiri amachita mantha ndi nsonga za manowo, akaona 90 peresenti amati memoli yatha. Nsonga sizinena zambiri, chifukwa Java imadikira dala kuti malo adzaze isanatolere. Chofunika ndi pansi pa mano, nambala ya kumanja kwa `->`. Imeneyo ndiyo memoli yomwe wotolera walephera kumasula.

Pansipo pakakhala pamodzimodzi tsiku lonse, koma mano ali othinana, kutolera kukuchitika pafupipafupi, ndiye kuti palibe chikudontha. Pulogalamu ikungopanga zinyalala mofulumira kwambiri, ndipo mankhwala ake ndi kupeza mbali yomwe ikupanga tinthu tambiri pa tiki iliyonse, kapena kuyesa wotolera wina ngati ZGC, yemwe amachita pafupifupi ntchito yonse gemu ikuyenda. Koma pansipo pakamakwera tsiku ndi tsiku, memoli ikudontha. Apa pofunika kusamala pang'ono. G1 amatolera tinthu tatsopano kawirikawiri, zakale amazisiya kwa kanthawi, choncho nambala ija imakwera kwa mphindi zingapo ngakhale pa seva yabwinobwino, n'kugwa pa mizere yolembedwa `Mixed`. Musayerekeze mizere iwiri yotsatizana. Tengani nambala yotsikitsitsa ya ola lililonse, ndipo muyerekeze maola omwe osewera anali ochuluka mofanana.

Tiyerekeze seva ya mipikisano yomwe imatsegula bwalo latsopano, dziko laling'ono lapalokha, pa mpikisano uliwonse n'kulitseka ukatha. Lolemba usiku nambala yotsikitsitsa ndi 900M. Lachiwiri nthawi yomweyo ndi 1900M, Lachitatu 2900M, osewera osachuluka kuposa kale. Ikudontha pafupifupi gigabayiti imodzi pa tsiku, ndipo malire ndi 4096M. Lachinayi malo opumira atsala ochepa, wotolera akubwera mowirikiza n'kumamasula zochepa, mpaka m'fayilo muyamba kuoneka `Pause Full`. Apa G1 wagonja, waimitsa zonse kuti asanthule memoli yonse, ndipo zimenezi zimatha kutenga masekondi athunthu. Mapeto ake ndi `java.lang.OutOfMemoryError: Java heap space`, kapena mlonda wa m'seva momwemo amaizimitsa tiki imodzi ikatenga masekondi 60. Kukweza malire kufika magigabayiti 8 kungosuntha tsiku la ngozi kuchoka Lachinayi kupita sabata yamawa, ndipo `Pause Full` ya tsikulo idzakhala yaitali kuposa kale popeza zosanthula zachuluka. Kuzimitsa seva usiku uliwonse, komwe ambiri amachita, sindikunyoza, kumagonetsa anthu tulo. Kungoti kumafufuta umboni.

Mwina mukudabwa kuti memoli ingadonthe bwanji pamene pali wotolera. Iye sadziwa zomwe pulogalamu ikufunadi, amangodziwa zomwe zikulozedwa. Chinthu chomwe ntchito yake inatha kalekale, ngati dzina lake lidakali pa mndandanda wina wamoyo, sachikhudza. Funso lathu ndiye n'lakuti: ndani akuchigwirabe? Kuti tiyankhe timakopera zonse za m'memoli m'fayilo:

```
jcmd <pid> GC.heap_dump /tmp/lachitatu.hprof
```

`<pid>` ndi nambala ya pulogalamu ya seva, yomwe lamulo la `jcmd` lopanda china limasonyeza. Chitani izi osewera atachepa, chifukwa seva imaima pokopera, ndipo fayiloyo imakula pafupifupi ngati memoli yodzazayo. Musaitumize kwa aliyense wamba, muli mauthenga a osewera ndi mawu achinsinsi. Ndi bwino kukopera kawiri, Lolemba ndi Lachitatu, kuti muone chomwe chachuluka.

Fayiloyi imatsegulidwa ndi pulogalamu yaulere ya Eclipse Memory Analyzer. Tsamba la `Histogram` limawerenga zinthu za mtundu uliwonse. M'chitsanzo chathu, pa seva panali osewera 15 koma zinthu zoimira osewera zilipo mazanamazana, ndipo maiko alipo makumimakumi pamene otsegula ndi atatu. Tsamba la `Dominator Tree` limasonyeza kukula kuwiri: `Shallow Heap`, kukula kwa chinthu pachokha, ndi `Retained Heap`, memoli yonse yomwe ingamasuke chinthucho chitachoka. Yang'anani yachiwiriyi, chifukwa wolakwa nthawi zambiri amakhala kanthu kakang'ono kogwirira katundu wamkulu. Kenako sankhani limodzi mwa maiko otsekedwa aja, mupemphe `Path to GC Roots`, mutachotsa zolozera zofooka zomwe siziletsa kutolera. Pulogalamu ikupatsani unyolo wonse: dziko likugwiridwa ndi wosewera yemwe anatuluka dzana, wosewerayo ali pa mndandanda, mndandandawo ndi wa pulagini, kapulogalamu kowonjezera komwe mwini seva anaikamo. M'pulaginimo mupeza zonga izi:

```java
List<Player> olowa = new ArrayList<>();

@EventHandler
public void onJoin(PlayerJoinEvent e) {
    olowa.add(e.getPlayer());
}
```

Pali polowetsa, palibe potulutsa. Munthu akalowa seva imamupangira chinthu chatsopano chomuimira, ndiye yemwe walowa kakhumi ali pa mndandanda kakhumi. Chilichonse mwa zinthuzo chikugwira katundu wa wosewerayo komanso dziko lomwe analimo potuluka, ndipo dzikolo likugwira zake. Mizere iwiri kapena itatu ikukwana kukonza: kumuchotsa pa mndandanda pa `PlayerQuitEvent`, komanso kusunga `UUID` yake yokha, nambala ya mabayiti 16 yosaloza china chilichonse, m'malo mosunga wosewera yense. Ngati pulaginiyo si yanu, itumizeni kwa mwini wake nkhaniyi pamodzi ndi chithunzi cha unyolo uja, ndipo muichotse kaye.

Njirayi ili ndi malire ake. Fayilo ya `gc.log` imaona memoli yokhayo yomwe ili pansi pa `-Xmx`. Java imagwiritsanso ntchito ina kunja kwake, monga ya zolumikizira netiweki, ndipo pa kompyuta ya wosewera zithunzi zambiri zimakhala m'khadi la zithunzi. Pansi pa mano pakakhala pamodzimodzi koma `top` kapena Task Manager ikusonyeza pulogalamu ikukulirakulira, kudonthako kuli kunjako ndipo Memory Analyzer sikuthandizani kwenikweni. Onaninso kuti `-Xmx` isayandikire memoli yonse ya kompyuta, chifukwa ikatero kompyuta imayamba kusungira zina pa disiki, ndipo wotolera akamazilondola kumeneko kuima kwake kumatalika kwambiri ngakhale palibe chodontha.

Mukakonza, musakhulupirire kuti zatha chifukwa gemu ikuyenda bwino madzulo amenewo, seva yongoyatsidwa kumene imayenda bwino nthawi zonse. Isiyeni iyende masiku omwe inkatenga kuti idwale, n'kuwerenganso nambala yotsikitsitsa ya usiku uliwonse. M'chitsanzo chathu iyenera kukhala pafupi ndi 900M Lachinayi monga inalili Lolemba. Ikamakwerabe, koma pang'ono kuposa kale, ndiye kuti zodontha zinali ziwiri, ndipo pafunika kukoperanso memoli kachiwiri.