Foni Ikapsa Ili pa Ulendo

Woyendetsa takisi ku Lilongwe wapachika foni pagalasi lakutsogolo masana a Okutobala, Google Maps ikumulondolera njira, chaja ili chilumikizire. Posakhalitsa foni yazima yokha.

Kutenthako kwachokera kutatu. Batire imafunda ikamalandira moto. Mapu amagwiritsa ntchito GPS, intaneti ndi sikirini yowala nthawi imodzi. Dzuwa nalo likuwotcha pagalasipo. Kampani ya Apple imati iPhone izigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. Foni ikapsa, imayamba yachepetsa kuwala n'kusiya kutchaja, kenako imazima kuti batire isawonongeke.

Choyenera n'kuzula chaja, kuivula chikuto, n'kuiika pamthunzi podutsa mphepo. Mufiriji ayi, chifukwa chinyontho chimaundana mkati. Batire yofufuma ndiyofunika kuisintha msanga.