Kupitirira lole ya mamita 15 kumafuna msewu wautali bwanji?

Ndikafunsa funso limeneli m'kalasi, ambiri amayankha kuti mamita 50, ena 100. Yankho lenileni ndi pafupifupi theka la kilomita. Tiyeni tiwerengetse limodzi.

Tiyerekeze kuti muli m'galimoto yaing'ono pa msewu wa M3, kuchoka ku Zomba kulowera ku Blantyre. Kutsogolo kuli lole yotalika mamita 15, ikuyenda mamita 15 pa sekondi (makilomita 54 pa ola). Dalaivala wanu akufuna kuchita ovateki pa liwiro la mamita 20 pa sekondi (makilomita 72 pa ola). Wayambira mamita 20 kumbuyo kwa loleyo, ndipo ayenera kusiyanso mamita 20 asanabwerere kumanzere. Tikaphatikiza ndi kutalika kwa galimoto yake, mamita 5, apeza kuti ayenera kuiposa loleyo ndi mamita 60.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Lole sinaime ayi, nayonso ikuthamanga. Pa sekondi iliyonse galimoto yanu ikungoiposa ndi mamita 5 okha basi. Ndiye:

60 ÷ 5 = 12

Masekondi 12 muli kudzanja lamanja, mbali ya eni ake! Pa nthawi imeneyo mwayenda 20 × 12, omwe ndi mamita 240. Koma basi yochokera ku Blantyre siikudikirani. Ngati nayo ikuyenda mamita 20 pa sekondi, yadyanso mamita 240 ake. Zonse pamodzi ndi mamita 480, pafupifupi mabwalo a mpira asanu, ndipo pamenepo sitinasiyeko mpata wopumira. Onani bwino: nthawi yatuluka pochotsera maliwiro, koma msewu ukutha pophatikiza maliwiro.

Malamulo a pamsewu akuchokera pomwepa. Saloleza kupitirira galimoto ina pokhota kapena poyandikira pamwamba pa chitunda, chifukwa maso sangaone mamita onsewo. Mzere woyera wosadukiza pakati pa msewu ukunena zomwezo, ndipo suyenera kudumphidwa. Mzere wodukizadukiza umalola, koma sulonjeza kuti kutsogolo kulibe kanthu. Pa mphambano ndi powolokera anthu oyenda pansi vuto ndi lina: lole yomweyo imakubisirani munthu kapena galimoto yomwe ikulowa mumsewu.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, nanga kokwera phiri, komwe magalimoto amayenda pang'onopang'ono?" Tengani msewu wochoka m'tauni kukwera ku Damu la Mulunguzi ndi Ku Chawe. Lole ikukwawa mamita 5 pa sekondi, inu 10. Kusiyana kudakali 5, choncho masekondi ndi 12 omwe aja. Inu mufuna mamita 120, wotsika pa liwiro ngati lanu afunanso 120. Mukadzakwerako, yesani kupeza malo oonekera mamita 240 pakati pa makona aja. Ndi ochepa, ndipo kukagwa chifunga palibiretu. Komanso wotsikayo akhoza kukhala bambo wa njinga yodzaza nkhuni, amene sangaime msanga pamtsetse ngakhale atakuonani.