Kuchokera pa "mlomo" kukafika pa "moto": masamu amene foni imawongolera kalembedwe kathu

Mukalemba "nyuba" pafoni imene ili ndi mndandanda wa mawu a Chichewa, imakufunsani ngati mumafuna kulemba "nyumba". Foniyo sidziwa kuti nyumba ndi chiyani, ndipo sinamvepo mawuwa akutchulidwa. Chimene yachita n'kuwerengetsa. Yatenga zimene mwalembazo, n'kuziyerekeza ndi mawu amene ili nawo, ndipo pa mawu alionse yafunsa funso limodzi: kodi pangafunike kukonza kangati kuti mawu awa asanduke awo? Yankho lake ndi nambala, ndipo nambalayo imatchedwa mtunda wa pakati pa mawu awiri.

Kukonza kololedwa kulipo kwa mitundu itatu: kuwonjezera chilembo chimodzi, kufufuta chilembo chimodzi, kapena kuchotsa chilembo n'kuikapo china. Kukonza kulikonse mtengo wake ndi 1. Kuti "nyuba" akhale "nyumba" mungowonjezera m, choncho mtunda ndi 1. "Madzi" ndi "mudzi" nawonso atalikirana ndi 1, chifukwa mungochotsa a n'kuikapo u. Chofunika kuchigwiritsa n'chakuti timafuna njira yaifupi kuposa zonse. Munthu atha kufufuta zilembo zonse za "madzi" n'kulemba "mudzi" mwatsopano, koma pamenepo wakonza kakhumi pamene kamodzi kakanakwanira.

Muyezowu umadziwika ndi dzina la Vladimir Levenshtein, katswiri wa masamu wa ku Soviet Union, amene anaufotokoza mu 1965. Iye sankaganizira za anthu olakwitsa polemba ayi. Nkhawa yake inali pa uthenga wa manambala 0 ndi 1 umene umatha kutaya kapena kuwonjezera chizindikiro uli pa ulendo. Njira yodzaza tebulo imene ikubwerayi anthu angapo anaitulukira payekhapayekha, koma kawirikawiri imatchulidwa ndi mayina a Robert Wagner ndi Michael Fischer, amene anailemba mu 1974.

Wina angafunse kuti tebulo n'lachiyani, bwanji osangoika mawu awiriwo pamwamba ndi pansi n'kuwerenga pamene asiyana? Yesani ndi "mlomo" ndi "moto". Chilembo choyamba chafanana. Kenako l wakumana ndi o, o wakumana ndi t, m wakumana ndi o, ndipo o womaliza watsala yekha. Mwapeza 4. Komatu mukafufuta l mutsala ndi "momo", ndipo mukasintha m wachiwiri kukhala t mwafika pa "moto". Kukonza kawiri basi. Chilembo chimodzi chowonjezera chimakankha zinzake zonse, n'kuchititsa kuti mawu oyandikana aoneke ngati otalikirana. Tebulo limathetsa vuto limeneli.

Jambulani tebulo, zilembo za "mlomo" zitsike kumanzere, za "moto" ziyende pamwamba. Kumayambiriro kwa mbali zonse ziwiri musiye malo a mawu opanda chilembo n'chimodzi chomwe. Mukhala ndi mizere 6 ya timabokosi 5, onse pamodzi 30. Kabokosi kalikonse kamayankha funso laling'ono: mtunda ndi wotani pakati pa chiyambi cha mawu oyamba, kulekezera pa mzere uno, ndi chiyambi cha mawu achiwiri, kulekezera pa chilembo chili pamwambapo? Mwachitsanzo, kabokosi kamene l wakumana ndi o woyamba kakufunsa za "ml" ndi "mo".

Mzere wapamwamba ndi wosavuta. Kuchokera popanda kanthu kukafika pa "m" muwonjezera chilembo chimodzi, pa "mo" ziwiri, mpaka 4. Timabokosi ta m'mphepete mwa kumanzere n'chimodzimodzi: kuti "mlo" atheretu mufufuta katatu, choncho manambala ake ndi 0 mpaka 5.

Timabokosi totsalato timadzazidwa kuyambira kumanzere kupita kumanja, mzere ndi mzere, ndipo kalikonse kamayang'ana anansi atatu okha amene adzazidwa kale. Tengani nambala ya kabokosi kapamwamba muwonjezere 1: kumeneko ndiko kufufuta. Tengani ya kumanzere muwonjezere 1: kumeneko ndiko kuwonjezera chilembo. Tengani ya pangodya, pamwamba chakumanzere, muwonjezere 1 ngati zilembo ziwiri zimene zakumana pa kabokosika zasiyana, koma ngati zafanana musawonjezere kanthu. Pa manambala atatuwo lembani yaing'ono kwambiri. Olemba mapulogalamu amalemba lamuloli chonchi, pamene `c` ndi 0 zilembo zikafanana ndi 1 zikasiyana:

```
d[i][j] = min(d[i-1][j] + 1,
              d[i][j-1] + 1,
              d[i-1][j-1] + c)
```

Tiyende nalo pang'ono. Kabokosi koyamba m wakumana ndi m. Pangodya pali 0, zilembo zafanana, ndiye tilemba 0. Titsike pa mzere wa l, pansi pa m: pamwamba pali 0, kuwonjezera 1 kupereka 1; pangodya pali 1, ndipo poti l ndi m n'zosiyana tipeza 2; kumanzere kuli 2, tipeza 3. Yaing'ono ndi 1, ndipo n'zoona, "ml" amasanduka "m" pofufuta kamodzi. Pa mzere wotsatira, pamene o wa "mlo" wakumana ndi o wa "mo", pangodya pali 1 yemwe uja, zilembo zafanana, choncho 1 atsetsereka osakwera. Tebulo lonse likadzaza limaoneka chonchi:

```
      -  m  o  t  o
  -   0  1  2  3  4
  m   1  0  1  2  3
  l   2  1  1  2  3
  o   3  2  1  2  2
  m   4  3  2  2  3
  o   5  4  3  3  2
```

Yankho lili pa kabokosi komaliza, pansi kumanja: 2. Chimene chimandikondweretsa pa tebuloli n'chakuti silipereka nambala yokha, limasunganso njira. Yambani pa 2 womalizayo mubwerere m'mbuyo, mukufunsa kuti nambala iliyonse inachokera kwa mnansi uti. Womalizayo anachokera pangodya popanda mtengo, chifukwa o ndi o n'zofanana. Pangodyapo pali 2 wa m ndi t, amene anachokera kwa 1 wa pangodya pake: apa ndi pamene m anasanduka t. Kenako o ndi o, kwaulere. Tafika pa 1 wa l ndi m, amene anachokera pamwamba: l anafufutidwa. Njira imene tinaipeza ndi maso ija, tebulo laipeza popanda kulingalira.

Ngati mukudzaza ndi pensulo, pali njira zodzigwirira nokha mukalakwitsa. Timabokosi tiwiri togundana, cham'mbali kapena chotsika, sitisiyana kuposa 1, choncho mukaona 1 ali pambali pa 3 dziwani kuti penapake mwaphonya. Yankho lomaliza silingachepere kusiyana kwa utali wa mawuwo, komanso silingapose utali wa mawu aataliwo. Pa "mlomo" ndi "moto" liyenera kukhala pakati pa 1 ndi 5. Cholakwa chofala kwa oyamba kumene ndi kudzaza mzere wapamwamba ndi 0 yekhayekha. Pamenepo tebulo limakhala likunena kuti zilembo zoyambirira zimabwera zaulere, ndipo mayankho ambiri amatuluka ochepa kuposa oyenera.

Tsopano pulogalamu yowongolera kalembedwe imachita chonchi. Ikakumana ndi mawu amene mulibe mu mndandanda wake, imafunafuna mawu a mtunda 1 kapena 2 n'kukuonetsani. Malire aafupi chonchi ali ndi chifukwa. Mu 1964 Fred Damerau wa kampani ya IBM anapeza kuti mwa mawu a Chingerezi olembedwa molakwika amene anawaunika, oposa 80 pa 100 alionse anali ndi cholakwa chimodzi chokha: chilembo chosowa, chowonjezera, cholakwika, kapena zilembo ziwiri zoyandikana zitasinthana malo. Chachinayichi muyezo wa Levenshtein umachilanga mopitirira. Chala chikathamanga mukalemba "nsiam" m'malo mwa "nsima", tebulo lathu lipereka 2, pamene dzanja laphonya kamodzi. N'chifukwa chake mapulogalamu ambiri amawonjezera lamulo lachinayi: zilembo ziwiri zikangosinthana, yang'anani kabokosi kachiwiri chobwerera pangodya n'kuwonjezera 1 yekha.

Malire omwewo amapulumutsanso nthawi. Ngati mawu olembedwawo ali ndi zilembo 5, palibe chifukwa chojambulira tebulo mawu a zilembo 9, poti kusiyana kwa utali kokha kwapitirira kale 2. Ndipo mzere wathunthu ukangokhala ndi manambala oposa 2 okhaokha, pulogalamu imasiya pomwepo, chifukwa mizere yapansi singatsikenso kubwerera m'malire.

Koma mtunda pawokha sumaliza mlandu. Mukalemba "mdzi", onse "madzi" ndi "mudzi" ali pa mtunda 1, ndipo tebulo lilibe mbali. Apa pulogalamu iyenera kudziwa mawu amene amapezeka kawirikawiri m'zolembedwa, kapena kuyang'ana mawu oyandikana nawo: pambuyo pa "kumwa" pamabwera madzi. Imathanso kusiyanitsa mitengo. Pa kiyibodi u ndi i n'zogundana, choncho wolemba "madzu" mwina chala chinangoterereka akufuna "madzi", ngakhale "maudzu" nawonso ali pa mtunda 1. Kwa ife olemba Chichewa, kusinthanitsa l ndi r kuyenera kukhala kotchipa kwambiri, mwina theka la mtengo, chifukwa ambiri timazisakaniza tsiku ndi tsiku, monga "kulila" m'malo mwa "kulira". N'chimodzimodzi h wosowa mu "kasu". Tebulo silisintha, chimasintha ndi nambala imene mukuwonjezera.

Pali cholakwa china chimene njira imeneyi siichiona n'komwe. Mukalemba "akulira kumunda" mukufuna kunena "akulima kumunda", mawu onse ndi oona, ndipo pulogalamu yodalira mndandanda idzangodutsa. Siyamba n'komwe kuwerengetsa.

Pa Chichewa vuto lalikulu lili pa aneni. Mneni mmodzi amabala maonekedwe ochuluka zedi: ndinabwera, sindinabwere, akadzabweranso, mungotibweretsera. Mndandanda wamba sungasunge onsewo, ndipo mawu abwinobwino amene mulibemo pulogalamu imawayesa olakwika, n'kuwakokera kwa mnansi wapafupi amene ilinaye. Apa pafunika kusamala, chifukwa m'chinenero chathu mnansi wapafupi atha kutembenuza nkhani yonse. "Adzabwera" ndi "sadzabwera" atalikirana ndi chilembo chimodzi, mtunda wofanana ndendende ndi wa "nyuba" ndi "nyumba". Ngati mndandanda uli ndi oyambawo koma ulibe achiwiriwo, foni yowongola yokha isintha uthenga wokana kukhala wovomera. Choncho pulogalamu yoyenera Chichewa iyenera kuyamba yagawa mneni, kuzindikira sa- wokana, -dza- wa m'tsogolo ndi tsinde -bwer-, n'kuvomereza kuti zigawozo zalumikizana bwino. Mapulogalamu monga Hunspell, imene imagwira ntchito mu LibreOffice, amalola kulemba malamulo a zigawo zoterezi pambali pa mndandanda. Zigawo zikalephera kugwirizana, pamenepo mpamene tebulo liyenera kujambulidwa, ndipo kuchotsa kapena kuika s wokana uja kupatsidwe mtengo wokwera kuposa kukonza kwina kulikonse.