Mpatuliro umodzi, malamulo awiri

Wophunzira akamaliza kulemba buku la kafukufuku wake ku yunivesite, amakhala atatopa, ndipo masamba omalizira, omwe amandandalikapo mabuku amene anawerenga, amangowadutsa. Chonsecho oyesa ambiri amathamangira komweko. Akapeza zizindikiro zasokonekera, amayamba kukayikira ngati mwini wake anawatseguladi mabukuwo.

Titenge buku la John McCracken la mbiri ya Malawi, lotuluka mu 2012. Pa kalembedwe ka APA, mkati mwa nkhani limatchulidwa chonchi:

```
(McCracken, 2012, p. 45)
```

Pa kalembedwe ka Chicago kogwiritsa dzina ndi chaka, limakhala chonchi:

```
(McCracken 2012, 45)
```

Zonsezi n'zolondola. Cholakwika n'kuzipeza zonse m'buku limodzi, mutu wachiwiri uli ndi mpatuliro pakati pa dzina ndi chaka, mutu wachinayi ulibe. Kawirikawiri si ulesi ayi. Munthu amakopera maumboniwa m'mabuku osiyanasiyana kwa miyezi yambiri, ndipo lililonse limabwera ndi lamulo lakwawo.

Ngakhale APA yemweyo anasintha. Buku lake la malamulo lachisanu ndi chiwiri, la mu 2019, linachotsa dzina la mzinda umene buku linasindikizidwira. Linalamulanso kuti olemba akakhala atatu kapena kuposerapo, mkati mwa nkhani mulembe woyamba yekha n'kutsatiza `et al.` kuyambira ulendo woyamba. Mpumiro umakhala pa `al.` pokha. Choncho funsani msanga ku dipatimenti kuti akutsata buku liti, chifukwa amene akutsanzira ntchito ya mnzake wa zaka zapitazo atha kutengera malamulo akale osadziwa. Kumapeto, McCracken uja aoneke motere, mutu wa bukulo uli m'zilembo zopendekera:

```
McCracken, J. (2012). A history of Malawi, 1859–1966. James Currey.
```

Pofufuza zolakwika, musawerenge ngati nkhani, chifukwa diso limathamangira tanthauzo n'kulumpha zizindikiro. Sindikizani mndandandawo papepala, mugwire cholembera. Pa kompyuta dinani `Ctrl+F`, musake `, 20` kenako `(20`, muchitenso chimodzimodzi ndi 19. Dzina lililonse lomwe mwalipeza m'nkhani mulichonge pamndandanda, mukuyang'ana kalembedwe ka dzinalo ndi chaka. Losapezeka pamndandanda ndi umboni wopanda gwero. Lotsala losachongedwa ndi buku lomwe simunalitchule, mwina ndime yake munaifufuta, ndiye lichoke.

Mukatero bwererani pamndandanda, ulendo uliwonse ndi chinthu chimodzi: zaka zokha, kenako zilembo zopendekera zokha. Samalani kwambiri ndi mlembi amene anatulutsa ntchito ziwiri chaka chimodzi. Zimenezo zimakhala `2012a` ndi `2012b`, ndipo chilembocho chiyenera kugwirizana m'nkhani ndi kumapeto komwe. Zotero ndi Mendeley zimathandiza, koma zimangotulutsa zomwe munalowetsa. Ngati dzina linalowa molakwika, lituluka molakwika paliponse pamene mwalitchula.