Katuni yatha, nanga sabata inayi ndi ya chiyani?

Kasitomala waonera kale katuni yake ya mphindi imodzi, yotsatsa malonda a zakumwa. Botolo likuzungulira bwino, mawu ali m'malo mwake, ndipo wavomereza. Kenako akulandira kalata yopempha masiku 7 ena. Mkwiyo wake ndi womveka, choncho kalatayo iyenera kumuonetsa masamu.

Chimene anaonera chinali chongoyerekeza. Kayendedwe ka zinthu kanatha, koma kuwala kunali kusanawerengedwe. Pulogalamu monga Blender imatsata kuwala pa kadontho kalikonse ka chithunzi: mmene kukulowera m'galasi la botolo, mmene kukupindikira m'madzi, ndi pamene mthunzi ukugwera. Ntchito imeneyi amati kurenda, ndipo imagwiridwa ndi gulu la makompyuta olumikizana lotchedwa renda famu. Kompyuta iliyonse imatenga chithunzi chake, ikamaliza n'kutenganso china.

Kalata yabwino imalongosola motere:

"Bwana, katuni yanu ili ndi zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, ndiye kuti zonse pamodzi ndi 1,440. Tinapangana za HD, ndipo chithunzi chimodzi chinkatha m'mphindi 15. Mutapempha 4K kuti ioneke bwino pa sikirini yaikulu, timadontho tinachuluka kanayi, moti tsopano chithunzi chimodzi chikudya ola lathunthu. Makompyuta athu ndi 10. Maola 1,440 akagawidwa pa khumi ndi maola 144, omwe ndi masiku 6 usana ndi usiku. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndi loyang'ana zithunzi zonse, kubwereza zimene zalephera, kuzilumikiza ndi kuikamo mawu."

Tsiku lomalizali si lopumula ayi. Kompyuta ina imazima ntchito ili mkati, ina imalephera kupeza failo ya chizindikiro cha pabotolo n'kutulutsa botolo lopanda dzina. Chithunzi chimodzi choterocho pakati pa zinzake chimaphethira ngati babu yofuna kupsa, ndipo diso limachigwira.

Kasitomala adzafunsa ngati pali njira yachidule. Ilipo, koma ili ndi mtengo wake. Mukauza pulogalamu kuti iyese kuwala kangapo kokha pa kadontho kalikonse, ntchito imafulumira, koma m'mithunzi ndi m'galasi mumadzaza timadontho tonga mchenga, tomwe timanyanyuka katuni ikamayenda. Kuti mchengawo uchepe ndi theka, pamafunika kuyesa kuwalako kuchulukitsa kanayi.

N'chifukwa chake kalatayo ithe ndi zosankha zenizeni. Ya HD ikhoza kutuluka m'maola 36 ngati tsiku loulutsa layandikira. Kubwereka makompyuta ena 10 kungatsitse masiku 6 aja kufika pa 3, koma ndalama yobwerekera ilembedwe poyera. Apo ayi, adikire sabatayo. Wolemba atchule tsiku ndi ola loperekera ntchito, ndipo atumize limodzi ndi kalatayo zithunzi ziwiri za botolo lomwelo, choyerekeza chija ndi chomalizidwa, kuti bwanayo aone yekha chimene akudikira.