Nthabwala ndi diwa: kutchera ndi kugwetsa

Amene munalipo tsiku lotsekera teremu yatha mukukumbukira zimene zinandichitikira. Ndinaima kutsogolo pa asembule, ndinanena nthabwala yanga mpaka kumapeto, koma palibe anaseka kupatula aphunzitsi amodzi amene ndikuganiza kuti anangondimvera chisoni. Ulendo wobwerera kwathu umatenga ola lathunthu, ndipo njira yonse ndinkadzifunsa kuti chalakwika n'chiyani, poti nthabwala yomweyo amalume anga atainena kunyumba tonse tinafa ndi phwete. Patchuthi ndinawapempha kuti ainenenso, ndikumvetsera liwu ndi liwu. Zimene ndinapeza ndi izi.

Nthabwala ili ndi mbali ziwiri. Pa Chingerezi amati setapu ndi panchilaini, koma ine ndizitchula kuti kutchera ndi kugwetsa, chifukwa zimagwira ntchito ngati diwa la mbewa. Amene munatcherapo diwa mukudziwa. Umaimika mwala pa kamtengo, n'kuika nyambo pansi pake. Mbewa imaona chakudya basi, mwalawo siiuganizira. Ikangokhudza nyamboyo, phi! Mu nthabwala, mbewa ndi inu omvera. Kutchera ndi mbali yoyamba imene imakupangitsani kukhulupirira chinthu china. Kugwetsa ndi mawu omaliza amene amakuonetsani kuti munaganiza molakwa.

Nayi nthabwala ija, monga amainenera amalume.

Mnyamata wina anafika kunyumba akuthamanga. "Ababa, mayeso a masamu atuluka. Ine ndi mnzanga wa pa desiki tapeza malikisi 95!" Bambo aja anakondwa kwambiri, analamula kuti tambala aphedwe. Atatha kudya, akutokosa m'mano, anati, "Koma mnzakoyonso ndi wanzeru eti. Iyeyo wapeza angati?" Mnyamata anati, "92."

Ngati mwaseka, taganizani zimene zachitika m'mutu mwanu. Mutamva kuti "tapeza 95" munaganiza kuti aliyense wa awiriwo wapeza 95. Palibe anakuuzani choncho, munangodziganizira nokha. Tambala uja anabwera kudzalimbitsa ganizo lanulo, chifukwa palibe kholo limaphera tambala mwana wolephera. Kenako kwabwera "92". Mwaima pang'ono, mwabwerera m'mbuyo, mwazindikira kuti mnyamatayo anaphatikiza malikisi a anthu awiri. Mwachotsera 92 pa 95, mwapeza 3. Kusekako kwabwera pamene mwapeza 3 ameneyo.

Ndiye kuti pali nkhani ziwiri m'mawu amodzimodzi. Yoyamba ndi ya mwana wanzeru, yachiwiri ndi ya mwana wochenjera amene wadya tambala ndi malikisi atatu. Liwu loti "tapeza" ndi limene lanyamula zonse ziwiri. Ndiyo nyambo yathu. Onaninso kuti mnyamatayo sananame. Zonse zimene ananena n'zoona, ndipo mukabwerera kumayambiriro zikugwirizana. Apa ndi pofunika. Akanayankha kuti "mnzangayo ndi mbuzi", mukanadabwa ndithu, koma simukanaseka, chifukwa yankholo silikulumikizana ndi chilichonse chimene munamva poyamba. Mawu ogwetsera ayenera kudabwitsa, komanso ayenera kukwana bwino pa zimene zatcheredwa.

Nanga ine ndinalakwitsa pati? Malo atatu, ndipo loyambalo ndi limene linapha zonse. Ndinati, "Ine ndi mnzanga tonse pamodzi tapeza 95." Liwu limodzi lokha, "pamodzi", linaulula chinsinsi. Theka la inu munadziwiratu kuti malikisiwo ndi ophatikiza, ndiye pofika kumapeto panalibenso chokugwerani. Ndinaonetsa mbewa mwala.

Chachiwiri, ndinatalikitsa. Ndinafotokoza mudzi wa mnyamatayo, mtundu wa tambalayo, ngakhale za mayi ake amene anapita kuchigayo. Ndinkaganiza kuti ndikukometsa. Koma omvera amasunga chilichonse chimene wanena poganiza kuti chigwira ntchito kutsogolo. Wina anali kudikirabe kuti mayi a kuchigayo aja abwera liti. Pa kutchera, siyani zokhazo zimene mapeto akuzifuna. Kuti mudziwe, chotsani chiganizo chimodzi n'kuona ngati nthabwala ikuimabe. Mukachotsa chigayo, palibe chasintha. Mukachotsa tambala, nthabwala ikhalapobe koma yafooka, chifukwa bambo aja sanaluze kanthu.

Chachitatu ndi mmene ndinamalizira. Ndinati, "Mnzangayo wapeza 92, ndiye kuti ine ndapeza 3 basi, ababa." Ndinakuwerengerani masamu amene munayenera kuwerenga nokha. Munthu amaseka akatulukira yekha, osati akauzidwa. Komanso liwu logwetsera liyenera kukhala lomaliza. Likatuluka, tsekani pakamwa. Mukapitiriza kuyankhula, anthu amameza kuseka kwawo kuti amve zimene mukunena, ndipo sikubwereranso. Amalume akafika pa funso la bambo lija amaima kaye pang'ono, nkhope ili duu, kenako n'kunena kuti "92" motsitsa mawu. Iwo saseka. Ine ndinayamba kuseka ndisanafike n'komwe pa tambala.

Chichewa chathu chili ndi mawu ambiri onyamula matanthauzo awiri, ndipo woyamba kumene angayambire pamenepo. Tengani liwu loti "mtengo". Bambo wina pamsika afunsa, "Mayi, nkhunizi mtengo wake ndi wotani?" Mayi aja ayankha, "Ndi msuku." Kutchera kwake ndi chiganizo chimodzi chokha. Liwu loti "pamsika" ndi limene lakupititsani ku ndalama. Bamboyo akanafunsa funso lomwelo ali m'nkhalango, yankho la msuku likanakhala yankho wamba, lopanda choseketsa. Taonani mmene malo okha amasinthira zinthu.

Mukafuna kupanga yanu, yambirani kumapeto. Pezani liwu kapena chiganizo chimene chingamveke pawiri, monga "mutu" wa munthu ndi "mutu" wa chimangirizo. Sankhani tanthauzo limene mubise. Kenako mangani kankhani kakafupi kokankhira omvera ku tanthauzo linalo, popanda kunama. Amene munaonerapo Izeki ndi Jakobo mudzaona kuti anthu awiri akhoza kugawana ntchitoyi, wina kufunsa ngati munthu wabwinobwino, mnzake n'kugwetsa.

Diwa lina limakana ngakhale watchera bwino. Ya 95 ija ndinakaiyesa kwa mng'ono wanga wa sitandade 2, anangondiyang'ana n'kufunsa ngati tambalayo anali wathu. Sadziwa kuti mayeso amawerengera pa 100, ndiye nkhani yoyamba ija siinamangike m'mutu mwake, ndipo panalibe choti chigwe. Chimodzimodzi munthu amene anaimva kale, monga nonsenu tsopano. Choncho tsiku lotsekera teremu ino ndibwera ndi ina. Ndaiyesa kale kwa anzanga awiri pa njira yopita kwathu. Mmodzi anaseka, winayo anati ndichotsemo chiganizo chachiwiri.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2